Ulemu usatsale m'Chichewa kalata ikamapita m'Chingerezi

Pa sukulu zambiri za pulayimale kuno ku Mangochi, komiti ya sukulu imakambirana m'Chichewa kapena m'Chiyao, mlembi n'kulemba kalata m'Chichewa, kenaka mphunzitsi n'kupemphedwa kuti aiike m'Chingerezi ipite ku ofesi ya maphunziro ku boma. Ndagwira ntchito imeneyi nthawi yaitali, ndipo chimene chimandiwawa n'kuona kalata yaulemu wonse ikufika kwa akuluakulu ikumveka ngati yolamula, eni ake osadziwa n'komwe.

Gwero la vutoli ndi loti ulemu wathu umakhala m'kati mwa mawu. Tikati "mutithandize" m'malo mwa "utithandize", kapena "aphunzitsi aakulu abwera" pamene munthuyo ndi mmodzi, taweramira kale. Chingerezi chilibe zimenezi: "you" ndi yemweyo kwa mwana wa Sitandade 2 ndi kwa bwana wa maphunziro. Choncho womasulira ayenera kuunyamula ulemuwo n'kukauika pamene Chingerezi chimausunga, pa udindo wa munthu, pa kapemphedwe ndi pa katsekedwe ka kalata.

Tiyerekeze kuti mphepo yasasula denga la kalasi pa sukulu ina cha ku Namwera. Komiti yalemba kuti: "Bwana, muli bwanji? Ife kuno tili bwino. Tati tikudziwitseni kuti denga la Sitandade 5 lasasuka. Tikufuna malata 40. Chonde mutithandize mvula isanafike pachimake." M'Chichewa palibe cholakwika. Koma womasulira liwu ndi liwu amalemba "We want 40 iron sheets. You should help us", ndipo apa ndi pamene zimaonongekera. "Mutithandize" ndi pempho lofewa, koma "you should" imauza munthu udindo wake ngati kuti wauiwala, monga kholo likuuza mwana. "We want" nayo imamveka ngati munthu waima pakhomo kudikira kuti apatsidwe zake. Chimene komiti imatanthauza chimatuluka bwino motere:

"We would be grateful if your office could assist us with 40 iron sheets before the heavy rains."

Taonani kuti mawu akuti "would" ndi "could" ndi amene atenga ntchito ya "mu-" uja. Amamupatsa wolandira kalata mpata wovomera mwa kufuna kwake. Kunena "your office" m'malo moloza munthuyo kumachitanso zimene timachita ife tikamapewa kutchula wamkulu mwachindunji.

Moni uja wa "muli bwanji" amachotsedwa. Apampando ena amadandaula: "Aphunzitsi, ndiye tingolowa m'nkhani osapereka moni?" Ndimawayankha kuti, bambo, moni alipo, wangosintha malo. Ali pamwamba, pamene talemba udindo wonse wa wolandira kalata molondola, ndi pa "Dear Sir" kapena "Dear Madam". Pansi pake pamabwera mutu wa kalata, ndipo chiganizo choyamba chimanena nkhani. M'kalata ya ku ofesi, kusamutayitsa nthawi munthu kumawerengedwa ngati ulemu. Kalata ikuyeneranso kudutsa mwa mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu, ndipo zimenezi zimaonekera pa mzere wa "Through". Kumudumpha iyeyo n'kupanda ulemu kumene mawu okoma sangakonze.

Ena akaona kuti Chingerezi chawo chauma, amathira mchere wambiri: "I humbly beg you, please please". Zimenezi zimaichepetsa komiti, imene ikupempha zinthu zoyenera ana, ndipo wowerenga amayamba kusakasaka pempho lenileni. "Kindly" mmodzi kapena "we would be grateful" mmodzi akwanira.

Samalaninso ndi "a" waulemu. "Aphunzitsi aakulu anena kuti aphunzira pansi pa mtengo" akhoza kusanduka aphunzitsi ambiri m'Chingerezi, kapena osadziwika kuti aphunzire pansi pa mtengowo ndani. Lembani "the head teacher", munthu mmodzi, ndipo anawo muwatchule kuti "the learners". "Che" wathu wa kuno amasanduka "Mr" kapena "Mrs", koma Shehe ndi mfumu amasunga maudindo awo, sitiwatsitsa kukhala "Mr" chabe.

Potseka, lamulo lake n'lachidule. Mukayamba ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam", tsekani ndi "Yours faithfully". Mukamutchula dzina munthuyo, tsekani ndi "Yours sincerely". Pansi pake asaine apampando, dzina ndi udindo wawo zilembedwe moonekera, ndipo ahedi adindepo chidindo cha sukulu.

Isanasainidwe, mphunzitsi wina amene sanaone kalata yoyamba ija awerenge ya Chingereziyo n'kuibweza m'Chichewa pamaso pa apampando. Akafika pa pempho n'kunena kuti "mukuyenera kutipatsa", dziwani kuti "should" kapena "must" wabisala penapake, ndipo chiganizocho chilembedwenso.