Kuyesa msika n'kutaya ndalama ngati simuli okonzeka kusiya

Ndatopa nako kumva mawu akuti "tiyamba pang'ono kaye, tione mmene ziyendere." Amene amanena zimenezi pa desiki panga kuno ku Zomba amakhala ataitanitsa kale makina ku Blantyre, malebulo atasindikizitsa, ngongole atasainira. Ndikafunsa kuti katundu woyesererayo akapanda kuyenda mudzatani, amandiyang'ana ngati ndawatemberera. Pa ntchito yanga yolangiza a mabizinesi ang'onoang'ono, funso limeneli ndi limene ndimayambira, chifukwa kuyesa msika kumadya ndalama, ndipo ndalamazo zimabwerera pokhapokha ngati zotsatira zake zingakusinthitseni maganizo.

Njira yoonera zimenezi ndi yojambula mtengo wa ziganizo. Pamene mukusankha nokha mumajambula kabokosi, pamene msika ndiwo ukusankhireni mumajambula kozungulira, ndipo kunsonga ya nthambi iliyonse mumalemba ndalama imene mudzapeze kapena kutaya. Kenako mumawerengera chobwerera, kuchokera kunsonga kupita kutsinde. Pa kozungulira paliponse mumapeza phindu loyembekezeka, lija m'mabuku amalilemba EMV:

```
EMV = (mwayi wopindula x phindu) - (mwayi woluza x kuluza)
```

Nditenge nkhani ya mayi wina amene amapanga chiponde cha ku Chinamwali. Ankafuna kutulutsa chiponde chothira uchi, cha m'mabotolo, cholowa m'magolosale. Manambala ndawasalaza kuti asavute kutsatira. Makina okulirapo, mabotolo, malebulo, mtedza, uchi ndi zolipira kuti a Malawi Bureau of Standards ayese katunduyo zinkafuna K6 miliyoni. Msika ukachikonda, tinaona kuti m'zaka ziwiri angatsale ndi K10 miliyoni atachotsa zonse. Ukachikana, angagulitse makinawo motchipa n'kupulumutsapo K1 miliyoni, ndiye kuti wataya K5 miliyoni.

Povuta ndi pa mwayi. Mayiwo poyamba anati ali ndi chikhulupiriro chonse. Ndinawapempha kuti atchule zinthu zatsopano zimene anzawo opanga zakudya anatulutsa m'zaka zapitazi, n'kuwerenga zimene zikadali pa shelefu. Titakambirana tinagwirizana pa 40 pa 100 kuti chiyenda, 60 pa 100 kuti sichiyenda. Nambala imeneyi ndi yongoyerekeza, koma ndi yoyerekeza moonera zimene zinachitikira ena, osati mmene mtima ukufunira.

Nthambi yoyamba ndi yongosiya, kupitiriza chiponde chakale. Apo palibe chopeza, palibe chotaya. Nthambi yachiwiri ndi yolowa mwamphamvu lero lomwe. 0.4 kuchulukitsa ndi K10 miliyoni ndi K4 miliyoni, 0.6 kuchulukitsa ndi K5 miliyoni ndi K3 miliyoni, ndiye phindu loyembekezeka ndi K1 miliyoni. Ambiri amaima pomwepa n'kunena kuti masamu avomereza. Avomerezadi, koma mopyapyala. Mwayi wa kuyenda ukangotsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu, K1 miliyoni ija yatha yonse.

Nthambi yachitatu ndiyo imene anthu amaisokoneza. Kupanga mabotolo 300 ndi makina akale, kuwaika m'magolosale angapo, kulipira mnyamata woyendera ndi kulemba zogulitsidwa, zonse zinkafuna K600,000. Koma kuyesa sikunena zoona nthawi zonse. Katundu wabwino akhoza kukanika chifukwa mwamuika pa mwezi woipa, ndipo katundu woipa akhoza kutha chifukwa anthu akungofuna kulawa chatsopano. Tinatenga kuti kuyesa kokonzedwa bwino kumalondola kasanu ndi katatu pa khumi paliponse.

Tsopano ganizirani amayi 100 amene ali pamalo omwewa. Mwa iwo, 40 ali ndi katundu amene msika udzamukondadi, ndipo kuyesa kudzalimbikitsa 32 n'kufooketsa 8 molakwika. Ena 60 ali ndi katundu amene sadzayenda, kuyesa kudzachenjeza 48, koma 12 kudzawanamiza kuti zili bwino. Choncho olimbikitsidwa onse ndi 44, ndipo mwa iwo 32 ali pa njira yabwino. Mwayi uja wachoka pa 40 wafika pafupifupi 73 pa 100. Ofooketsedwa ndi 56, ndipo mwa iwo ndi 8 okha amene akanapindula, kumene kuli pafupifupi 14 pa 100.

Apa pali mabokosi ena awiri, chifukwa zotsatira zikabwera muyenera kusankhanso. Zikakhala zabwino, kulowa mwamphamvu kuli ndi phindu loyembekezeka la pafupifupi K5.9 miliyoni, ndiye mumalowa. Zikakhala zoipa, kulowa kuli ndi kuluza koyembekezeka kwa pafupifupi K2.9 miliyoni, ndiye mumasiya. Mukabwerera kutsinde, 0.44 kuchulukitsa ndi K5.9 miliyoni ndi K2.6 miliyoni. Chotsanipo K600,000 ya kuyesa, yatsala K2 miliyoni. Nthambi yoyesa kaye yaposa yolowa lero lomwe ndi K1 miliyoni yathunthu. Masamu omwewa akukuuzaninso malire: kusiyana kwa K2.6 miliyoni ndi K1 miliyoni ndi K1.6 miliyoni, ndipo kuyesa kulikonse kodula kuposa pamenepo sikukuthandizani.

Onetsetsani kumene phindu lowonjezeralo lachokera. Silinachokere ku mabotolo 300 aja. Lachokera kwa amayi 48 amene anamva chenjezo n'kusunga K5 miliyoni yawo. Ngati mumtima mwatsimikiza kale kuti mudzalowa zivute zitani, phindu lanu loyembekezeka ndi K1 miliyoni ija kuchotsapo K600,000, yatsala K400,000. Mwalipira kuti mumve uthenga umene simudzaugwiritsa ntchito.

Zimene zinachitikira mayi uja zimandiwawabe. Tinagwirizana, n'kulemba pa pepala, kuti pakatha miyezi iwiri mabotolo osachepera 200 akhale atagulidwa, ndipo magolosale ambiri akhale ataitanitsanso okha. Miyezi iwiri itatha, ogulidwa anali 90. Golosale imodzi yokha, ya ku Matawale, ndiyo inaitanitsanso. Ndinapita kukaona ndekha mu golosale ina mtauni: mabotolo anali atakankhidwira kumbuyo kwa majarini, mafuta atayandama pamwamba, fumbi lili pa zivindikiro. Mwini golosale anati anthu amanyamula botolo, akaona ndalama yake amalibweza n'kutenga chiponde wamba.

Nditawauza kuti pepala lija likuti tisiye, anandiyankha kuti, "Achimwene, ndawononga kale K600,000, ndisiye bwanji pano? Anthu aziti chiyani?" K600,000 imeneyo inali itapita, kaya alowa kaya asiya, ndipo pa kabokosi kachiwiri siiwerengedwanso. Chimene chinali patsogolo pawo chinali K6 miliyoni yatsopano pa mwayi wa 14 pa 100. Analowabe. Ndalama ya ku banki nkhonde itaperewera anawonjezera ya katapila, ndipo pamene ankagulitsa makinawo, chiwongoladzanja chinali chitadya ndi mpamba wa chiponde chakale chomwe, chimene chinkalipirira ana sukulu.

Pali china chimene sindibisira aliyense. K2 miliyoni ija palibe munthu amene adzaigwire m'manja. Amene wayesa kaye adzapeza K9.4 miliyoni, kapena adzataya K600,000, kapena adzataya K5.6 miliyoni. Phindu loyembekezeka ndi avereji ya anthu ambiri, pamene inu mukuponya kamodzi kokha. Kampani yaikulu imene imatulutsa zinthu zatsopano chaka ndi chaka ikhoza kutsatira avereji, chifukwa zoluza zimakwiriridwa ndi zopambana. Inu, ngati K5.6 miliyoni ikutanthauza kulandidwa nyumba, yang'anani nthambi yoipitsitsa musanayang'ane avereji. Ubwino wa kuyesa pa nkhani imeneyi ndi wakuti mwayi wogwa m'dzenje lalikulu unatsika kuchoka pa 60 kufika pa 12 pa 100. Ngati 12 yemweyo simungamupirire, chepetsani mpamba kapena siyani, ngakhale masamu akuoneka okoma.

Tsono za kuyesa kwabodza, kumene ndimakumana nako kwambiri. Kugawira abale, anzanu a ku tchalitchi ndi a ku ofesi kuti alawe si kuyesa msika. Munthu amene wapatsidwa chaulere ndi mlamu wake sanganene kuti n'chosakoma. Ngati anthu otere amayamikira kasanu ndi kanayi pa khumi, kaya chinthu n'chabwino kaya n'choipa, mwa amayi 100 aja olimbikitsidwa adzakhala 36 a katundu wabwino ndi 54 a katundu woipa. 36 mwa 90 ndi 40 pa 100, pomwe munayambira paja. Simunaphunzire kanthu. Kuyesa kwenikweni kumafuna ogula osakudziwani, olipira ndalama yeniyeni imene mudzagulitsire, ndipo chimene muwerenge ndi obweranso kudzagula kachiwiri. Kuno ku Zomba samalaninso ndi nthawi. Ophunzira a ku University of Malawi akatsekera, magolosale a ku Chikanda amazizira, ndipo sabata yolandira malipiro siifanana ndi ya pakati pa mwezi. Kuyesa kudutse kumapeto kwa miyezi iwiri, apo ayi mukuyeza matumba a anthu osati katundu wanu.

Musapitirirenso mbali inayo. Kudikira kuli ndi ndalama yake, ndipo iyenera kulembedwa pa nthambi yoyesa pamodzi ndi K600,000 ija. Mtedza umatchipa anthu akangokolola, ukamafika Disembala wakwera. Makina ndi mabotolo ambiri amachokera kunja, ndipo amene anali pakati pa mapulani mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, akudziwa mmene K6 miliyoni imasandukira nambala ina usiku umodzi. Ngati kuchedwa kudzawonjezera K1 miliyoni pa mpamba, ndalamayo idzalipidwa ndi okhawo 44 amene adzalowe, ndiye nthambi yoyesa itsika ndi K440,000, kufika pa K1.56 miliyoni. Ikadali patsogolo, koma mukakoka kuyesako chaka chonse, mwayi woti wina akutsogolereni pa shelefu nawonso ukukula.

Ndipo chenjerani ndi anyamata olemba mapulani a bizinesi amene amadikirira anthu ofuna ngongole. Ndaona mapepala awo ambiri. Amajambula nthambi zokongola pa kompyuta, pa mwayi wopambana n'kulembapo 90 pa 100, chifukwa akudziwa kuti ndi zimene wolipira akufuna kumva. Afunseni mafunso awiri: 90 ameneyu wachokera kuti, ndipo atsike kufika pati kuti bizinesiyi ikhale yoluza? Amene akudziwa ntchito yake ayankha lachiwirilo ndi cholembera pomwepo, monga tinapezera gawo limodzi mwa atatu pa chiponde chija. Akayamba kukuuzani za kulimba mtima ndi kusaopa, musamupatse ndalama yanu, ndipo pepala lakelo musapite nalo ku banki.