Khadi lopanda dzina la malo likukunamizani

Mayeso a Fomu 4 akamayandikira, ophunzira ambiri amayenda ndi mitolo ya makhadi yomanga ndi labala, kutsogolo kwa khadi kuli liwu limodzi, kuseri kuli tanthauzo lake. Njira imeneyi ndilibe nayo mlandu, chifukwa munthu amene akudzifunsa yekha asanatembenuze khadi amasunga zinthu m'mutu kuposa wongowerenga notsi mobwerezabwereza. Chimene chanditopetsa ndi zimene ndimapeza kuseri kwa makhadi a phunziro la kasamalidwe ka zachilengedwe. Pa khadi la endemiki pamalembedwa kuti ndi chamoyo chosowa chimene chatsala pang'ono kutha. Pa la kiyisitoni pamalembedwa kuti ndi chamoyo chofunika kwambiri. Pa la ini situ ndi la ekisi situ pamangolembedwa kuti "m'kati" ndi "kunja", osanena kuti m'kati mwa chiyani. Matanthauzo awiri oyambawo ndi olakwika, ndipo enawo ndi operewera moti sangakuthandizeni funso likabwera ndi chitsanzo chimene simunachiloweze.

Chamoyo cha endemiki ndi chimene mwachibadwa chimapezeka kumalo amodzi okha padziko lonse. Liwuli likuyankha funso lakuti "kuti", ndipo silinena kanthu za kuchuluka. Usipa ndi wa endemiki ku Nyanja ya Malawi ndi madzi olumikizana nayo, koma pitani pamsika uliwonse mukaone milu yake, kenaka mundiuze ngati ndi wosowa. Mlambe ndi mtengo wakwathu, sunachite kubwera ndi munthu ngati bulugamu wa ku Australia, komabe si wa endemiki kuno popeza umameranso ku Zambia, ku Mozambique ndi maiko ena ambiri a mu Africa. Choncho khadi limene langoti "chambo, endemiki" silinamalize chiganizo. Ngakhale lija lakuti "endemiki ku Malawi" ndimalikana, chifukwa nsomba sizidziwa malire a maiko, ndipo m'mbali mwa nyanjayi mulinso Tanzania ndi Mozambique. Lembani dzina la nyanja, phiri kapena chilumba.

Chitsanzo chimene chimagwira mawu atatu mwa anayi aja nthawi imodzi ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Mwachibadwa umamera pamwamba pa Phiri la Mulanje pokha, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,800 mpaka 2,500, kumene nkhungu sichedwa kutsika. Matabwa ake ndi onunkhira, sawola msanga ndipo chiswe sichiwadya, n'chifukwa chake ocheka matabwa akhala akuulondola mpaka m'zigwa zovuta kufikamo, n'kumatsika phirilo atasenza matabwa pamutu. Moto wa m'chilimwe umapha mbande zake, ndipo mtengowu ukapsa kapena kudulidwa suphukanso pachitsa. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha paphiri lonselo, ndipo wa chaka chotsatira sanapezenso mtengo wachibadwa wobereka njere uli chiimire. Zonsezi zinachitika m'nkhalango imene yakhala yotetezedwa ndi lamulo kuyambira mu 1927, zomwe zikusonyeza kuti ini situ si chikwangwani cha pachipata, koma ntchito yolondera, kulambula njira zotchinga moto ndi kuzula mitengo ya paini imene imalanda malo.

Apa ndi pamene pali nkhani imene imandivutabe mumtima. Mnyamata wina wanzeru ndithu, amene ankayankha makhadi ake onse osaphonya, anandiuza mosakayika kuti mkungudza wa ku Mulanje si wa endemiki chifukwa iye anauona ndi maso ake pa Phiri la Zomba, ndipo anawonjezera kuti poti uliko, ndiye kuti nkhani yoti ukutha ndi yokokomeza. Sananame pa zimene anaona. Mitengoyo iliko, koma inachita kubzalidwa ndi anthu a zankhalango m'nthawi ya atsamunda. Khadi lake linalibe liwu lakuti "mwachibadwa", ndipo kusowa kwa liwu limodzi limenelo kunamugwetsa pawiri: anauchotsa mtengowo pagulu la endemiki, ndiponso analephera kuzindikira kuti chimene anaona ku Zomba ndicho chitsanzo chenicheni cha ekisi situ. Chimandivuta n'chakuti maganizo omwewo ndawamvapo kwa akuluakulu pamisonkhano, anthu amene mawu awo amatha kusankha kumene ndalama zipite, akunena kuti bola mtengowo ukupezeka kwinakwake.

Ini situ ndi kusamalira chamoyo m'malo ake achibadwa, pamodzi ndi nthaka, nyengo ndi zamoyo zinzake zimene chimadalirana nazo. Ekisi situ ndi kuchisunga kunja kwa malo achibadwawo, monga m'nazale, m'munda wa zomera, kumalo osungira nyama kapena m'nkhokwe ya mbewu ngati imene ili ku Chitedze. Pangano la maiko la mu 1992 loteteza zamoyo zosiyanasiyana limaika ini situ patsogolo, ndipo limati ekisi situ ntchito yake yaikulu ndi kuthandizira. Mkungudza ukuonetsa bwino chifukwa chake. Pamene mitengo yobereka inatha pa Mulanje, njere zochokera ku mitengo yobzalidwa ngati ya ku Zomba zinathandiza kuti anthu a m'midzi yozungulira phirilo afese m'manazale ndi kukweza mbande zikwi mazanamazana kubwerera nazo kumtunda. Popanda ekisi situ pakanasowa poyambira. Komabe munda wobzalidwa umachokera ku mitengo yochepa imene njere zake zinatoledwa kalelo, motero sungasunge kusiyanasiyana konse kwa chibadwa kumene kunali m'nkhalango yeniyeni, ndipo sungasunge ndere, mbalame ndi tizilombo ta m'nthaka ya kumtundako. Tsono dziyeseni ndi mbande imodzi: ili m'chubu m'nazale ya kumunsi kwa phiri ndi ekisi situ, koma ikabzalidwa kumtunda kumene makolo ake ankamera, yalowa m'ntchito ya ini situ. Mbande ndi yomweyo, chasintha ndi malo.

Msampha wina wa mtundu womwewo ndi wa njovu. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa pa malole kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu, ndipo ophunzira ambiri akangomva zakuti zinasamutsidwa amathamangira kulemba ekisi situ. Ayi. Njovuzo zinakamasulidwa m'tchire mmene njovu zakhala zikukhala kuyambira kale, zikudzifunira zokha chakudya ndi madzi. Lole si chizindikiro cha ekisi situ.

Liwu la kiyisitoni ndilo lazunzika kuposa onse, chifukwa aliyense amalipachika pa chamoyo chimene iye amachikonda. Anayamba kuligwiritsa ntchito katswiri wa ku America, Robert Paine, mu 1969, atayesa chinthu chosavuta kumva. Pamiyala ya m'mbali mwa nyanja yamchere m'boma la Washington ankachotsa nyama ina yooneka ngati nyenyezi imene imadya nkhono za m'nyanja. Nkhonozo zitasowa mdani zinadzaza pamwala ponse n'kuthamangitsa zinzake, ndipo mitundu ya zamoyo pamalopo inatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Muyeso ndi umenewo: chichotseni, kenaka onani ngati malowo asintha kwambiri kuposa mmene mungayembekezere poona kuchepa kwa chamoyocho. Njovu imatchulidwa kawirikawiri pagululi chifukwa imagwetsa mitengo n'kutsegula tchire kuti udzu umere, imakumba madzi m'mitsinje youma amene nyama zina zimamwako, ndiponso imamwaza njere m'ndowe zake. Khadi labwino limalemba zotsatira ngati zimenezi. Mkungudza ndi wa endemiki, uli pangozi yaikulu, ndi chizindikiro cha fuko, koma zitatuzi sizikuupatsa udindo wa kiyisitoni. Wofuna kuutcha choncho ayambe wasonyeza zamoyo zimene zinagwa nawo limodzi.

Kalembedwe ka khadi kamene ndimavomereza n'kotere. Kutsogolo kukhale liwulo. Kuseri kukhale tanthauzo la chiganizo chimodzi, chitsanzo chimodzi chokhala ndi dzina la malo, ndi chitsanzo china chimene chimaoneka ngati chikuyenera koma sichikuyenera, monga mlambe pa khadi la endemiki kapena njovu za ku Kasungu pa khadi la ekisi situ. Mukatero lembani makhadi ena oyambira ku chitsanzo, oti kutsogolo kwake kuli funso lakuti, "Mkungudza wobzalidwa pa Phiri la Zomba ukusamalidwa mwa njira iti, ndipo chifukwa chiyani?" Amene akuyankha makhadi a tanthauzo koma akukakamira pa makhadi a chitsanzo adziwe kuti waloweza chabe.

Ndikuchenjezeni za makhadi okonzeratu amene amagulitsidwa atafotokopedwa kapena kugawidwa pafoni, opanda dzina la wolemba. Ambiri amakopera anzawo pamodzi ndi zolakwa zomwe, ndipo ndaonapo amene amaika endemiki ndi chamoyo cha pangozi ngati chinthu chimodzi, ena n'kuika malo osungira nyama m'makola pagulu la ini situ. Musanaloweze khadi la wina, liyeseni ndi usipa, mlambe ndi mkungudza wa ku Zomba, ndipo likalephera pa chimodzi mwa zitatuzi liponyeni pamoto. Tanthauzo lolakwika limene mwalibwereza miyezi itatu silichoka m'mutu sabata ya mayeso, n'chifukwa chake makhadi anu muwaonetse kwa aphunzitsi tsiku limene mwawalemba, osati usiku woti mawa mulowa m'chipinda cha mayeso.

Chenjezo lomweli lipite kwa magulu a zachilengedwe a m'sukulu amene amafuna kubzala mkungudza kuti nawonso achite ekisi situ. Dzina lakuti mkungudza anthu amatchulira mitengo ingapo yofanana masamba, kuphatikizapo saipuresi wochokera kunja, ndipo pa Mulanje pomwepo pali mtundu wachiwiri wapachibale umene nthawi zambiri umakhala waufupi, wa nthambi zambiri ndipo umaphukanso ukapsa. Mbande zili zazing'ono n'zovuta kuzisiyanitsa ngakhale kwa munthu wozolowera. Wogulitsa m'mbali mwa msewu amene sangakuuzeni kumene njere zinatoledwa musamugule, koma funsani ku ofesi ya zankhalango ya m'boma lanu, ndipo mulembe m'buku gwero la njerezo ndi chaka chimene mwabzala. Mtengo wosadziwika kochokera sungadzatoledwe njere zobwezera kuphiri, ndipo pamene udzakule n'kuoneka kuti ndi saipuresi, zaka khumi zidzakhala zitapita.