Kalata ya chipepeso yochokera kwa dokotala: musaibise, bwerani nayo tidzakambirane

Wodwala akamwalira mwadzidzidzi m'wodi, pamene achibale ankaona kuti akupezako bwino, dokotala amene ankamuthandiza amatha kulembera banjalo kalata yopepesa. Tamva mphekesera yoti kalata imeneyi ndi umboni wakuti achipatala analakwitsa ndipo akufuna kutseka anthu pakamwa. Mphekesera imeneyi ndi yoopsa, chifukwa mabanja ena akaimva amatulutsa odwala awo m'chipatala usiku mankhwala asanathe.

Zimene zimapha munthu mwadzidzidzi m'wodi ndi zodziwika: mtima kuima, sitiroko, kutaya magazi m'kati mwa thupi, tizilombo tolowa m'magazi, ndiponso magazi oundana amene amakatseka mitsempha ya m'mapapo. Jakisoni amene namwino anabaya m'mawa wa tsikulo ndi amene amanamiziridwa kawirikawiri, chifukwa ndi chinthu chomaliza chimene wodikirira wodwala anaona ndi maso ake.

Tipereke chitsanzo. Bambo athyoka fupa la ntchafu pa ngozi ya kabaza, ndipo agonekedwa mwendo uli wokokedwa ndi zitsulo. Sabata yachitatu akudya bwino, akucheza ndi anzawo, ndipo mayi akunyumba apita kukaphika kumalo a odikirira odwala. Pobwera ndi nsima apeza bedi latchingidwa ndi nsalu. Chimene chimachitika nthawi zambiri pa imfa yotere n'chakuti munthu akagona nthawi yaitali osayenda, magazi amaundana m'mitsempha ya m'kati mwa mwendo, ndipo chibuma chikathothoka chimayenda mpaka m'mapapo n'kutseka njira ya magazi. Munthu amabanika, ndipo akhoza kutha m'mphindi zochepa ngakhale atapatsidwa mpweya wa okosijeni ndi kupopedwa pachifuwa.

Pa tsiku loterolo mayiwo sangamve chilichonse chimene dokotala akufotokoza, ndipo mwini mbumba, amene adzafunsidwe mafunso kumudzi, nthawi zambiri amakhala asanafike. Ichi n'chifukwa chake kalata imalembedwa maliro atadutsa. Imatchula malemuwo dzina lawo, imanena nthawi imene zinthu zinasintha, amene anali pambali pawo ndi zimene zinayesedwa. Dokotala woona mtima amalemba mawu onga awa: "Mayi, pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya bambo. Tikukhulupirira kuti magazi oundana anatseka mapapo awo, koma popeza thupi silinapimidwe, sitingatsimikize. Bwerani ndi akuluakulu a banja kuti tidzakufotokozereni pamasom'pamaso." Mawu akuti "pepani" m'kalatamo ndi omwe aja timanena tonse tikafika pasiwa.

Kalatayi si kuvomera mlandu, komanso si njira yothawira mlandu. Siilowa m'malo mwa chikalata cha imfa, siibwera ndi ndalama, ndipo simukusainira chilichonse poilandira. Ngati mukuona kuti panali kulekerera, ufulu wanu wodandaula udakalipo: mutha kupita kwa Ombudsman wa pachipatala, amene amalandira madandaulo a odwala ndi achibale awo, kapena ku bungwe la Medical Council of Malawi, limene limayang'anira ntchito za madokotala. Dziwaninso kuti kupima thupi kuti chimene chapha munthu chidziwike kumayenera kupemphedwa maliro asanatuluke m'nyumba ya chisoni, chifukwa kalata imakufikani mwambo wa kumanda utachitika kale.

Chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi kuchedwa. Banja likasunga kalata m'sutikesi n'kupita kukaombeza, wina wosalakwa amalozedwa chala kuti ndi mfiti, ndipo otsala amayamba kuopa chipatala. Tinaona m'nthawi ya Covid-19 ndi ya kolera wa 2022 ndi 2023 mmene mphekesera zoti achipatala akupha anthu zinachititsira odwala ena kukhala kunyumba mpaka matenda kufika posathandizika. Komanso imfa zina zimakhudza amoyo: ngati malemuwo anali ndi chifuwa chachikulu, a m'nyumba mwawo, makamaka ana, ayenera kuyezedwa msanga, ndipo zimenezi mungazimve pokhapokha mutabwera.

Inu amene mukudikirira odwala m'wodi panopa, musawatulutse chifukwa cha imfa ya pabedi loyandikana. M'malo mwake yang'anirani zizindikiro izi kwa aliyense amene wagona nthawi yaitali, wachitidwa opaleshoni kapena wangobereka kumene: mwendo umodzi kutupa, katumba kupweteka ndi kutentha, kupuma mwabefu mwadzidzidzi, kubaya pachifuwa, kapena kutsokomola magazi. Mukaona chimodzi mwa izi musasisite mwendowo ndipo musadikire kuti kuche. Itanani namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, chifukwa mankhwala oletsa magazi kuundana amathandiza akayambidwa msanga.

Ngati mwalandira kalata ndipo kuwerenga kukukuvutani, bwerani nayo kuwodi pamodzi ndi buku la kuchipatala la malemuwo, ndipo mupemphe kuonana ndi dokotala amene wasainayo.