Nthochi yokazinga siphwanyika chifukwa chochuluka mafuta

"Ndikakazinga nthochi zakupsa zimangosanduka phala. Kodi ndikumachulutsa mafuta?"

Ayi achemwali, ambiri kuno ku Nkhotakota amaganiza choncho, koma vuto ndi mafuta osatentha. Nthochi ikagwera m'mafuta ofunda imawamwa, nkulefuka isanafiire. Yambani mwaponyamo kachidutswa. Kakapanda kuchita thovu pompo, dikirani kaye.

Tengani makumbuka achikasu koma olimbabe mukawakanikiza ndi chala. Sukari wakupsa msiyeni, ngodya chabe. Dulani zidutswa zochindikala ngati chala, muike zochepa m'chiwaya chifukwa zikathithikana mafuta amazizira. Ndiye dzanja lileze mtima, musamangotakasa ngati mukukazinga mtedza. Tembenuzani kamodzi kokha m'mbali mukayamba kufiira, pakatha mphindi ziwiri kapena zitatu. Zikada kunja msanga, phulaniko nkhuni zina, shuga wake akupserera.