Kusamuka kwa ogula kuyezedwe pa mtengo woyenera

Ndatopa kumva anthu, ena mwa iwo ophunzira bwino ndithu, akugamula kuti kampani ili ndi mphamvu pa msika chifukwa choti imagulitsa magawo 70 pa 100 alionse a katundu wina, kapena kuti ilibe mphamvu chifukwa choti m'sitolo muli zinthu zina zofanana ndi zake. Onsewa amadumpha funso loyamba, lakuti msika umene tikukambawo ukuyambira pati ndipo ukuthera pati, pakuti gawo la kampani limakula kapena kuchepa malinga ndi pamene mwaika malire.

Akatswiri a zachuma amafufuza malirewo poyeza mmene ogula amasamukira ku katundu wina mtengo wa katundu woyamba ukakwera. Timatenga maperesenti amene malonda a katundu wachiwiri asinthira, n'kuwagawa ndi maperesenti amene mtengo wa katundu woyamba wasinthira. Mtengo wa woyamba ukakwera ndi 10 peresenti, malonda a wachiwiri n'kukwera ndi 8 peresenti, yankho ndi 0.8, ndipo zikusonyeza kuti ogula amaona awiriwa ngati olowana m'malo. Yankho likayandikira 0, katunduyo sakupikisana, ndipo likatsika kunsi kwa 0 ndiye kuti zinthuzo zimagulidwira limodzi.

Nambala imeneyi payokha siithetsa nkhani. Kuyambira mu 1982, malangizo a boma la Amereka okhudza kuphatikizana kwa makampani amafunsa kuti, kampani imodzi itakhala yokha yogulitsa katunduyo, kodi ingapindule itakweza mtengo pang'ono, kawirikawiri ndi 5 peresenti, kwa nthawi yaitali? Tiyerekeze kuti chinthu chimapangidwa ndi madola 60, chimagulitsidwa madola 100, ndipo zimagulidwa zinthu 100, kotero phindu ndi madola 4,000. Mtengo ukafika pa 105, phindu pa chinthu chimodzi ndi 45, choncho kampani iyenera kugulitsa zinthu 89 kuti phindu lake lisatsike. Ogula oposa 11 akathawira kwina, kukwezako kulibe phindu, ndipo katundu amene athawirako ayenera kulowetsedwa m'msika umodzi ndi woyambayo, kenaka funso lifunsidwenso.

Mlandu umene umandivutitsabe maganizo ndi wa kampani ya du Pont, imene boma linkati ikupondereza msika, umene Khoti Lalikulu la Amereka linagamula mu 1956. Kampaniyi inkapanga pafupifupi 75 peresenti ya selofeni, kapepala koonekera mkati kokulungira zakudya ndi ndudu, wogulitsidwa m'dzikomo. Koma selofeni anali wosakwana 20 peresenti ya zokulungira zonse zofewa, kuphatikizapo mapepala opaka phula ndi mapepala opyapyala a aluminiyamu. Oweruza anayi mwa asanu ndi awiri anaona kuti ogula amasamuka msanga mtengo ukasintha, ndipo anati msika ndi wa zokulungira zonse, motero du Pont inapambana.

Kulakwitsa kwake n'kwakuti kusamukako kunayezedwa pa mtengo umene kampaniyo inali itaukhazika kale. Wogulitsa amene ali yekha sasiya mtengo pansi. Amaukweza kufikira pamene kuwonjezera pang'ono kungathamangitse ogula ambiri. Pamenepo zinthu zimene munthu sakanaziganizira n'komwe zimayamba kuoneka ngati zolowa m'malo, monga mmene munthu amayendera wapansi mtengo wa minibasi ukapitirira muyezo, osati chifukwa choti miyendo imapikisana ndi galimoto. Selofeni ankagulitsidwa mtengo kuwirikiza kawiri kapena katatu poyerekeza ndi mapepala amene ankatchedwa opikisana naye, ndipo oweruza atatu otsutsa, motsogozedwa ndi mkulu wa khotilo Earl Warren, analoza mitengo imeneyi pamodzi ndi phindu lalikulu la kampaniyo. Kusamuka kwa ogula kumene khoti linakutenga ngati umboni wa mpikisano kukanathanso kukhala umboni woti mphamvuyo inali itagwiritsidwa kale ntchito.

Choncho chenjerani ndi alangizi amene amabwera ndi nambala imodzi yaikulu n'kunena kuti msika ndi wotakata, osatchula mtengo umene anayezerapo. Afunseni ngati mtengowo uli pafupi ndi ndalama zopangira katunduyo, ngati anachotsapo zinthu zina zimene zimasuntha malonda onse pamodzi monga nyengo ndi kutsika mphamvu kwa ndalama, komanso ngati anayeza mbali zonse ziwiri, chifukwa ogula angathe kuchoka pa woyamba kupita pa wachiwiri koma osabwerera chimodzimodzi. Pa kuphatikizana kwa makampani, mtengo wa lero nthawi zambiri ndi poyambira pabwino, popeza funso ndi lakuti ungakwere kuposa pamenepa. Koma pofufuza kampani imene ikuganiziridwa kuti ikupondereza kale msika, pamafunika mitengo ya zaka zimene mpikisano unalipo, ndipo odandaula akachedwa kufikira malisiti ndi mabuku a nthawi imeneyo atatayika, wofufuza amatsala ndi mitengo yokwera yokhayokha, imene imaikira kumbuyo kampani yodandauliridwayo.