Ndalama za CDF ndi makhansala athu: mkanganowu unayambira mu 2005

Chigamulire khoti mu Meyi 2025 kuti aphungu asamavote m'makhonsolo komanso achotse manja awo pa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, kuno ku Mangochi anthu akukanganabe. Ena akuti phungu ndi amene timamudziwa, pamaliro ndi iyeyo, ndiye mukamulanda thumbali tizikadandaula kwa ndani. Mlanduwu anakasuma ndi a MALGA, bungwe la makhonsolo, koma mkangano wake ndi wakale ndithu.

Za nthawi ya Kamuzu tisatayepo nthawi, zonse zinkachokera kulikulu basi. Mu 1998 ndi pomwe kunabwera ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'ono, ndipo analonjeza kuti 5 peresenti ya ndalama zomwe boma latolera izipita kumakhonsolo. Mu 2000 tinavotera makhansala.

Pomwe zinakhotera ndi 2005. Nthawi ya makhansala aja itatha chisankho china sichinachitike, anangoti chichitika, kenako n'kusunthanso, mpaka pa 20 Meyi 2014. Zaka 9 khonsolo ikuyenda ndi bwanamkubwa, mafumu ndi aphungu, popanda munthu wovoteredwa ku wodi woti afunse kuti ndalama za mjigo zapita kuti. Ndiye taonani, mkati mwa mpata womwewo, mu 2006, ndi momwe CDF inabadwira. Bingu anali atatuluka mu UDF, ku Nyumba ya Malamulo analibe aphungu okwanira ndipo bajeti inkavuta kudutsa chifukwa cha nkhani ya gawo 65 ija la malamulo a dziko, lonena za aphungu osintha chipani. Ambiri olemba za nthawiyo amati thumbali linali lonyengerera aphungu kuti bajeti idutse, aphungu eni ake amati ayi, ndalama za kukhonsolo zinkachedwa pomwe mlatho ukakokoloka anthu amathamangira kwa iwo. Kuchedwako n'koona, sindingakane, koma zinthu ziwirizi kuchitika nthawi imodzi chonchi ine zimandivuta kuzitcha mwangozi. Mu 2010 anasinthanso lamulo, aphungu anapatsidwa voti mukhonsolo ndipo bwanamkubwa anayamba kusankhidwa ndi nduna. Makhansala pobwerera mu 2014 anapeza mipando yawo ili ndi eni kale.

Tiyerekeze buloko ya sukulu kumudzi wina cha ku Makanjira uko. Mwadongosolo nkhani imayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya m'mudzi, anthu agwirizana kuti ana atopa kuphunzirira pansi pa mtengo wa mango, ipite ku ADC, komiti ya chitukuko ya kwa mfumu yaikulu, kenako ilowe mu pulani ya chitukuko ya boma ndipo khonsolo yonse ivomereze. Ubwino wake ndi umenewu, munthu wa ku Lilongwe sangadziwe kuti nthawi ya dzinja simenti kufika ku Makanjira ndi nkhondo, koma khansala wa kumeneko akudziwa kuti katundu azipita msewu usanaonongeke. Tsono CDF ili m'manja mwa phungu njira yonseyi inkatha kudumphidwa, pulojekiti n'kusankhidwa poyang'ana komwe mavoti ali, kontilakita n'kukhala wodziwana naye, chonsecho wosainira ndalama n'kudzayankha kwa ofufuza mabuku ndi ogwira ntchito kukhonsolo. Chizindikiro chake sichisowa, buloko yafika pa lintala yaima, malata palibe, chisankho chadutsa ndipo wolowa m'malo akuyamba yake pambali. Thumbali linayamba ndi mamiliyoni ochepa pa dera, pofika 2024 linali K200 miliyoni, ndiye mukuona chifukwa chake palibe akufuna kulisiya.

Sindikunena kuti makhonsolo ndi angelo ayi. Malipoti a mkulu wofufuza ndalama za boma akhala akudandaula za makhonsolo ambiri m'dziko muno, ndalama kutuluka popanda malisiti, mafuta osalembedwa, ndipo kungosamutsa ndalama kuchoka kwa phungu kupita ku ofesi yopanda akauntanti okwanira sikumanga buloko ija. Komanso khonsolo imatolera zochepa, ziphaso za mumsika, malaisensi a mabizinesi, timisonkho ta malo, pomwe misonkho ikuluikulu ya malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja kuyambira kuno mpaka ku Monkey Bay imapita kulikulu kudzera ku MRA, n'kumadikira kuti ibwerere, mochedwa komanso yoperewera. 5 peresenti ija makhonsolo akuidandaulabe mpaka lero.

Koma khansala amakhala nafe kumudzi konkuno, pa njinga yamoto yomweyo, ukamufuna umamupeza pamsika wa Namwera kapena ku Malindi osachita kudikira kuti Nyumba ya Malamulo itseke. Anthu akamati makhansala alibe ntchito ine ndimafunsa kuti chiyambire 2000 ndi chaka chiti chomwe anapatsidwa ndalama ndi mphamvu zonse zomwe lamulo la 1998 linanena.