Moni wa pa mjigo

Mayi wina wogulitsa nanazi ndi nthochi cha ku Chitakale anabwera kudzandiona atatha masiku asanu ndi anayi osagona bwino. Zina za nkhani yawo ndazisintha kuti asadziwike, koma mutu wake ndi womwewo. Anatenga ngongole ya K60,000 ku banki mkhonde, yoti abweze K72,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja. Chiperoni chinagwa sabata yathunthu, ogula anachepa, nthochi zinapsa zonse nthawi imodzi n'kuwolera m'dengu. Tsiku lobweza anapita ndi K45,000 yokha. Patapita masiku awiri anakumana ndi msungichuma wa gulu pa mjigo. Anamupatsa moni, iye n'kuyankha mwachidule, n'kusenza chidebe chake, ulendo. Kuyambira tsiku limenelo mayiwa anasiya kupita ku mjigo masana, ndipo ku msonkhano wa gulu wotsatira sanapiteko.

Nditawafunsa chimene chikuwavutitsa anayankha mmene ambiri amayankhira: “Ndikungoganiza kwambiri.” N'zoona, koma mawu amenewa ali ngati thumba lomanga kukamwa. Ntchito yanga ngati wopereka uphungu imayamba ndi kumasula thumbalo kuti tione chimene chili m'katimo.

Pakati pa chinthu chimene chachitika ndi mmene mtima wapwetekera pamadutsa ganizo. Limadutsa mwachangu kwambiri moti mwini wake saliona, amangomva zotsatira zake: mtima kugunda, m'mimba kutentha, manyazi, kufooka. Munthu salisankha, limangobwera lokha, ndipo limabwera ngati nkhani yotsimikizika kale. Dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, Aaron Beck, ndiye anafotokoza bwino za maganizo oterewa m'zaka za m'ma 1960. Iye anaona kuti odwala matenda okhumudwa amakhala ndi timaganizo tachangu todziweruza, tokhudza iwo eni, dziko lowazungulira ndi tsogolo lawo, ndipo satitchula pokhapokha atafunsidwa mwachindunji. Njira imene ndikufotokoza pano inachokera ku ntchito yake.

Funso logwirira ganizo lotere ndi lalifupi, ndipo limafunika kulunjika pa nthawi imodzi, osati pa moyo wonse. Sindinafunse kuti “mumaganiza chiyani za ngongoleyi?” Ndinati, “Mayi, tibwerere pa mjigo paja. Amsungichuma asenza chidebe, atembenuka. Nthawi yomweyo, n'chiyani chinadutsa m'mutu mwanu?” Anakhala chete pang'ono, n'kunena kuti, “Ndinangomva manyazi.” Manyazi ndi mmene mtima unamvera, si ganizo ayi. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: za mumtima zimatchulika ndi liwu limodzi, monga mantha, mkwiyo, manyazi, chisoni, pamene ganizo ndi chiganizo chathunthu choti munthu angathe kuchivomereza kapena kuchitsutsa. Nditafunsanso, chinatuluka: “Akundiona ngati wakuba.” Ndinafunsa kuti zikanakhala zoona, zikanatanthauza chiyani kwa iwo. “Auza gulu lonse, andichotsa, ndipo palibenso amene adzandikhulupirire m'mudzi muno.”

Apa tinali ndi maganizo atatu, koma pa sikelo sitiika mitolo itatu nthawi imodzi. Timasankha limene likuwotcha kwambiri. M'mabuku amati munthu ayeze kukhulupirira kwake kuyambira pa 0 mpaka 100. Ine ndimasunga nyemba khumi m'kabotolo pa tebulo, chifukwa si aliyense amene manambala amamuyankhula. Ndinathira nyembazo patebulo n'kunena kuti akankhire mbali imodzi nyemba zolingana ndi mmene akukhulupirira ganizo lililonse. Pa ganizo loti akuonedwa ngati wakuba anakankha zisanu ndi zinayi. Pa kukula kwa manyazi anakankha zonse khumi. Tinalemba zimenezi m'kope, pamodzi ndi tsiku ndi malo, chifukwa ganizo likakhala m'mutu limasinthasintha ngati bilimankhwe, koma likalembedwa limaima malo amodzi.

Tsopano pofika pa kuyesa, ambiri amalakwitsa poyamba ndi kutonthoza. Mnzako akati “akundiona ngati wakuba,” pakamwa pamathamangira kunena kuti “ayi, musaganize choncho, zonse zikhala bwino.” Mawu achifundo ndithu, koma sagwira, chifukwa munthuyo ali ndi zifukwa zake ndipo inu simunazimve. Choncho timayamba ndi umboni woikira kumbuyo ganizolo, ndipo timaulemba wonse mosabisa. Mayiwa anatchula zitatu: ndalama sizinakwane, amsungichuma anayankha moni mwachidule, ndipo “nkhope yawo inkaoneka kuti andikwiyira.”

Ziwiri zoyambazo tinazilandira. Chachitatu tinachiyang'anitsitsa. Pa bwalo la amfumu mboni imafunsidwa zimene inaona ndi maso ndi kumva ndi makutu, osati zimene inaganiza kuti zili mumtima mwa mnzake. Ndinafunsa kuti munthu wina akanaima pambali pa mjigo, wosadziwa za ngongole, akanaona chiyani. Akanaona mayi woyankha moni, wosamwetulira, wosenza chidebe n'kuchoka. “Andikwiyira” ndi tanthauzo limene mutu wawonjezerapo. Uku timakutcha kuwerenga mtima wa wina, ndipo ndi msampha umene ndimakumana nawo kawirikawiri kuposa ina yonse. Msampha unzake ndi kutenga mmene ukumvera ngati umboni: ndikumva manyazi, ndiye kuti ndachitadi chamanyazi. Koma manyaziwo abadwa kuchokera ku ganizo lomwelo, ndiye sangakhalenso mboni yake. Mwana saikira umboni za tsiku limene mayi ake anabadwa.

Umboni wotsutsa umavuta kuupeza, chifukwa mtima ukakhala wolemera umakumbukira zokhazo zogwirizana ndi kulemerako. Mpofunika mafunso oufukula. Mwakhala m'gululi nthawi yayitali bwanji? Zaka zinayi. Ngongole mwatengapo kangati? Kasanu ndi kamodzi. Zimene munabweza pa nthawi yake ndi zingati? Zisanu zonse zam'mbuyo. Alipo wina amene anachedwapo kubweza? Apa anaseka pang'ono, koyamba tsiku limenelo, n'kunena kuti chaka cha namondwe wa Freddy, mu 2023, pafupifupi theka la gulu linachedwa. Anachotsedwa angati? Palibe, ankangolipira chindapusa. Nanga inu, anzanu aja atachedwa, munkawaona ngati akuba? “Ayi, ndinkadziwa kuti zinthu zavuta.” Funso lomalizali limagwira ntchito kwambiri, chifukwa anthu ambiri amasunga masikelo awiri, yachilungamo yoyezera anzawo ndi yokhota yodziyezera okha.

Kenako ndinafunsa ngati pali zifukwa zina zimene munthu angayankhire moni mwachidule pa mjigo m'mawa. Anatchula okha: kuchedwa ku ntchito ya ku esiteti, kudwala mutu, kukangana ndi bambo kunyumba, poto wosiyidwa pamoto. Sitinanene kuti chimodzi mwa izi ndicho choona. Sitikudziwa, ndipo mwina amsungichumawo anakhumudwadi. Chimene tinapeza n'chakuti mayiwa anatenga tanthauzo limodzi mwa asanu n'kulisandutsa chigamulo.

Ganizo latsopano limene timalemba pamapeto liyenera kunyamula umboni wa mbali zonse ziwiri. Likangokhala lokoma, mwini wake salikhulupirira ndipo limafa tsiku lomwelo. “Aliyense amandikonda, palibe vuto” likanakhala bodza, chifukwa K27,000 ija inalipobe. Limene analemba ndi ili: “Ndachedwa kubweza ndipo mwina ena sanasangalale, koma ndabweza bwino kasanu, ena anachedwaponso osachotsedwa, ndipo palibe amene wanditchula wakuba.” Titabwerera ku nyemba, ganizo lakale linatsika kuchoka pa zisanu ndi zinayi kufika pa zisanu, manyazi kuchoka pa khumi kufika pa zisanu ndi chimodzi. Sizinafike pa ziro, ndipo sindiyembekezera kuti zifike. Munthu akandiuza kuti zonse zatheratu pakamphindi kamodzi, ndimakayikira kuti akungofuna kundisangalatsa.

Nyemba zikapanda kusuntha n'komwe, kawirikawiri pamakhala chimodzi mwa zinthu ziwiri. Mwina tayesa ganizo lapamwamba pamene lowotcha lili pansi pake, monga munthu kuyesa “andichotsa m'gulu” chikhalirecho chomupweteka ndi “ndine wolephera ngati mmene bambo ankanenera.” Kapena ganizo latsopanolo ndi la mlangizi, osati la mwini wake. N'chifukwa chake ine ndimafunsa mafunso, koma cholembera chimakhala m'manja mwawo, ndipo amene salemba amanena ndi pakamwa pawo, ine n'kulemba mawu awo osasintha.

Umboni wa patebulo uli ndi malire ake. Wamphamvu kwambiri umapezeka kunja. Tinagwirizana ndi mayi aja kuti apite ku msonkhano wotsatira ndi ndalama imene angapeze, ndipo asananyamuke alembe zimene akuyembekezera kuti zichitika. Analemba kuti anthu akhala chete akangolowa, ndipo wina atchula za kuwachotsa. Kulemberatu n'kofunika, apo ayi mutu umadzasintha nkhani pambuyo pake. Taonaninso kuti kubisala kuja kunkadyetsa ganizo lawo: posapita ku mjigo ndi ku gulu analibe mpata woona kuti anthu akuwalandira bwanji, komanso kujombako ndi kumene kukanayambitsa kukayikira kumene ankakuopa.

Pali nthawi zimene njira imeneyi si yoyenera, ndipo ndinene mosapita m'mbali. Mayi amene amamenyedwa kunyumba akamaganiza kuti “usiku uno andimenyanso,” limenelo si ganizo lokhota. Umboni uli pathupi pake, ndipo chofunika ndi chitetezo, osati kope. Chimodzimodzi wopanda ufa m'nyumba: kuyesa ganizo kukasonyeza kuti n'loona, timasiya sikelo n'kuyamba kufufuza chochita. Komanso munthu amene watha milungu iwiri kapena kuposerapo ali wokhumudwa tsiku ndi tsiku, wosafuna kudya, wosagona, wosasangalala ndi chilichonse, kapena amene akumva mawu amene ena sakuwamva, asalimbane nazo yekha ndi kope. Apite ku chipatala, monga cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo, akafunse oona za matenda a maganizo. Ngati ganizo lake ndi lofuna kudzipha, limenelo si loyesa pawekha. Auze munthu amene amamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo aperekezedwe ku chipatala.

Mayi aja anabweranso patatha milungu iwiri, kope lili m'chikwama cha pulasitiki chifukwa cha mvula. Ku msonkhano anapita ndi K15,000. Anawalipiritsa chindapusa cha kujomba, ndipo mayi mmodzi anayankhuladi mokhadzula za anthu ochedwetsa ndalama za anzawo, zimene zinawapweteka. Za kuchotsa palibe anatchula. Amsungichuma analemba ndalamayo m'buku, n'kuwapatsa mpaka kutha kwa mwezi kuti amalize K12,000 yotsala. Chifukwa chimene anayankhira moni mwachidule tsiku lija mayiwa sanafunse, ndipo mpaka lero sitikuchidziwa. Ndinathiranso nyemba patebulo, iwo anakankha ziwiri, n'kutembenuza tsamba kundionetsa ganizo lina limene analigwira okha Lachitatu pa msika, wogula wina atabweza nanazi n'kupita pa benchi la mnzawo.